Kumasulira mafunso a kafukufuku m'Chichewa ndi kuwabwezera m'Chingerezi: zimene njirayi imagwira ndi zimene imaphonya

Mafunso ambiri a kafukufuku amene amafunsidwa m'midzi ndi m'matauni a m'Malawi amayamba alembedwa m'Chingerezi, kenako n'kumasuliridwa m'Chichewa. Kuti otsogolera kafukufuku atsimikize kuti tanthauzo silinasokonekere pomasulira, amapempha munthu wina kuti amasulirenso Chichewacho kubwerera m'Chingerezi, ndipo amayerekeza Chingerezi chatsopanocho ndi choyambirira chija. Njirayi inatchuka kwambiri kutsatira zimene katswiri wina wa kafukufuku, Richard Brislin, analemba m'chaka cha 1970, ndipo lero ochita kafukufuku ambiri amaitenga ngati chidindo chotsimikiza kuti ntchito yayenda bwino. Langizo langa ndi lakuti muigwiritse ntchito, koma mudziwe malire ake, chifukwa Chingerezi choyamba ndi chachiwiri zikhoza kufanana ndendende pamene mayi amene akufunsidwa pakhonde pake akumva funso lina kotheratu.

Ntchitoyi imayamba womasulira asanalembe liwu ndi limodzi lomwe. Mwini kafukufuku akhale pansi ndi omasulira, awafotokozere chimene funso lililonse likufuna kuyeza, ndipo cholingacho chilembedwe m'chiganizo chimodzi pambali pa funsolo. Ngati n'kotheka omasulira kupita m'Chichewa akhale awiri, aliyense agwire payekha, ndipo Chichewa chikhale chinenero chimene anakulira. Ndi bwino kuti mmodzi akhale wodziwa nkhani ya kafukufukuyo, monga namwino kapena mlangizi wa zaulimi, ndipo winayo akhale wodziwa bwino mmene anthu wamba a kudera kofufuzidwako amalankhulira. Akatha, aphatikize ntchito zawo n'kutulutsa Chichewa chimodzi chimene onse agwirizana.

Chichewa chimenecho ndicho chimaperekedwa kwa womasulira wachitatu, amene ntchito yake ndi kuchibwezera m'Chingerezi. Munthu ameneyu asaone mafunso oyambirira mpang'ono pomwe, ndiponso asakhale wozolowera mafunso a mtundu umenewo, pakuti munthu amene wafunsapo mafunso a zaumoyo kwa zaka zambiri amangolota chimene Chingerezi choyamba chinanena n'kuchilemba, ngakhale Chichewacho chisakunena zimenezo. Mumuuzenso momveka kuti asakonze kapena kukometsa chilichonse. Pamene Chichewa chili chosamveka, Chingerezi chake chikhalenso chosamveka, ndipo pamene liwu lingathe kumveka m'njira ziwiri, alembe matanthauzo onse awiri. Omasulira aluso amavutika ndi lamulo limeneli chifukwa amachita manyazi kupereka ntchito yooneka yokhotakhota, koma kukhota kumeneko ndi kumene mukufuna kuti muone.

Tsopano tione funso limodzi mwatsatanetsatane. Kafukufuku wa zaumoyo wa ana amakonda kufunsa ngati mwana anatentha thupi m'masabata awiri apitawo, mosaganizira chimene chinachititsa. Tinene kuti womasulira walemba kuti: "Kodi mwanayu anadwalapo malungo m'masabata awiri apitawa?" Sanalakwitse mwadala, chifukwa anthu ambiri amatchula malungo akamanena za kutentha thupi, kuphwanya m'thupi ndi kunjenjemera, kaya kwadza ndi udzudzu kapena ayi. Wobwezera m'Chingerezi akaona liwu lakuti malungo alemba dzina la matenda ofalitsidwa ndi udzudzu aja, ndipo poyerekeza mudzaona nthawi yomweyo kuti funso loyamba linafunsa za kutentha thupi pamene lachiwiri likufunsa za matenda amodzi. Apa njirayi yagwira ntchito yake. Mukonza funsolo kuti likhale: "Kodi mwanayu anatenthapo thupi nthawi ina iliyonse m'masabata awiri apitawa?"

Tembenuzani nkhaniyo. Tinene kuti funso loyambirira likufunsadi za malungo enieni, ofalitsidwa ndi udzudzu. Womasulira alemba malungo, wobwezera abweza liwu lomwe lija la Chingerezi, ndipo mizere iwiriyo ifanana ngati mapasa. Aliyense akhutira n'kupita ku funso lotsatira. Koma kumudzi, mayi amene mwana wake anatentha thupi chifukwa cha chimfine ayankha kuti inde, anadwala malungo, ndipo chiwerengero chanu cha odwala malungo chikwera popanda amene wanama. Kubwezera m'Chingerezi sikungagwire vuto limeneli, chifukwa omasulira onse awiri ndi anthu ophunzira amene amagwiritsa ntchito liwulo mofanana, pamene woyankha amaligwiritsa ntchito mwa njira yotakata. Chithandizo chake ndi kufunsa chinthu chimene mayiyo anachiona chikuchitika: "Kodi mwanayu anamutenga magazi pachala kapena pachidendene kuti amuyeze malungo?" kenako "Kodi atamuyeza anakuuzani kuti ali ndi malungo?" Funso limodzi lasanduka awiri, ndipo likabwezeredwa m'Chingerezi silifanana ndi loyamba liwu ndi liwu, koma likuyeza chimene mwini kafukufuku amafuna.

Pa chifukwa chimenechi, msonkhano woyerekeza usakhale wongowerenga kuti mizere ingati yafanana. Pakhale mwini kafukufuku, omasulira onse atatu, ndi munthu mmodzi amene adzakhale akufunsa mafunsowo kumudzi. Pa kusiyana kulikonse adzifunse ngati kwabwera chifukwa Chichewa chaphonya tanthauzo, kapena wobwezera ndiye walakwitsa, kapena mawu okha ndiwo asiyana pamene tanthauzo lili chimodzimodzi. Nthawi zina mudzapeza kuti cholakwa chili m'Chingerezi choyambiriracho, monga funso limene likufunsa zinthu ziwiri nthawi imodzi, ndipo pamenepo chofunika kukonza ndi Chingerezicho. Chimene ndimachiopa kwambiri pa misonkhano yotere ndi chizolowezi chosintha Chichewa chabwino kuti chitsatire kaimidwe ka mawu a Chingerezi, n'cholinga chakuti chibwerere bwino. Chichewa chomasuliridwa liwu ndi liwu chimabwerera bwino kuposa china chilichonse, komabe ndicho chimene woyankha amati akachimva afunse kuti, "Mwati bwanji?"

Liwu lina lofuna kusamala ndi la gulu la anthu amene amawerengedwa pamodzi pa kafukufuku, kutanthauza anthu amene amakhala pamodzi ndi kudya kuchokera mumphika umodzi. Mukalemba kuti "banja lanu", woyankha akhoza kuwerengera mwana wake amene akugwira ntchito ku Lilongwe n'kusiya mdzukulu kapena wantchito amene amagona ndi kudya pomwepo. Mukalemba kuti "pakhomo panu", m'madera amene abale amamanga nyumba moyandikana akhoza kuwerengera nyumba zitatu. Palibe liwu limodzi lothetsa nkhaniyi, choncho tanthauzo lilowe m'funso lenilenilo: "anthu onse amene nthawi zambiri amagona pakhomo pano ndi kudya kuchokera mumphika umodzi ndi inu". Chimodzimodzinso "ana anu", amene angaphatikize ana a m'bale wanu, ndipo ngati kafukufuku akufuna obereka nokha ayenera kunena choncho.

Mayankho osankhapo amafunika kumasuliridwa ndi kubwezeredwa mosamala ngati mafunso omwe, ngakhale kuti ambiri amawamasulira mothamanga kumapeto. Mawu akuti "mwa apo ndi apo", "nthawi zina" ndi "kawirikawiri" amabwerera m'Chingerezi popanda vuto, koma khutu la woyankha silisiyanitsa bwino awiri oyambawo. Mafunso ena odziwika oyeza kusowa kwa chakudya pakhomo anathetsa vutoli poika manambala: kamodzi kapena kawiri m'masabata 4 apitawa, katatu mpaka ka 10, ndi kupitirira ka 10. Pamene mwini kafukufuku walola, tsatirani njira imeneyo. Pewaninso mafunso okana, monga "Kodi simunapite kuchipatala?" M'Chichewa munthu amene sanapite angayankhe kuti "eya", kutanthauza kuti zoonadi sanapite, ndipo wofunsa wothamanga adzachonga inde pamalo pamene Chingerezi chimayembekezera ayi. Nthawi nayonso imasokoneza: "sabata yatha" ndi sabata imene inatha Lamulungu kapena Loweruka lapitali, pamene "masiku 7 apitawa" amawerengedwa kubwerera m'mbuyo kuchokera lero.

Zimene kubwezera m'Chingerezi kwaphonya zimagwidwa poyesa mafunsowo pa anthu ofanana ndi amene adzafunsidwe, osati pa anzanu a muofesi. Anthu 10 kapena kupitirirapo pang'ono, amuna ndi akazi, achikulire ndi achinyamata, ophunzira ndi osapita kusukulu, amakwanira kuonetsa mavuto aakulu. Werengani funso monga lalembedwera, munthuyo ayankhe, kenako mumupemphe kuti alibwereze m'mawu akeake, ndiponso afotokoze zimene amaganiza poyankha. Pa funso la malungo lija mungafunse kuti, "Mukamati malungo, mwanayo anamva bwanji, ndipo munadziwa bwanji kuti ndi malungo?" Pa funso lofuna kudziwa kuti anadya kangati dzulo, funsani zimene anadya, chifukwa ena amene anadya mbatata masana amanena kuti sanadye poti sinali nsima. Zizindikiro za funso lovuta zimaoneka ndi maso: munthu amakhala chete nthawi yaitali, amapempha kuti mubwereze, amayankha nkhani ina, kapena amaseka ndi kuyang'ana kumbali chifukwa liwu limene mwasankha ndi lolaula kapena losayenera kunenedwa kwa wamkulu. Kumbukiraninso kuti Chichewa cha ku Dedza, cha ku Zomba ndi cha ku Chikwawa chimasiyana pa mawu ena, ndipo kuti oyankha ena chinenero chawo choyamba ndi Chiyao, Chisena, Chilomwe kapena Chitumbuka, choncho kuyesaku kuchitike m'dera lofanana ndi kumene kafukufuku adzachitikire.

Funso lililonse limene mwasintha mutayesa libwezeredwenso m'Chingerezi, ndipo mwini kafukufuku avomereze kuti likuyezabe chimene ankafuna. Sungani tebulo limodzi lokhala ndi Chingerezi choyamba, Chichewa choyamba, Chingerezi chobwezeredwa, vuto limene linapezeka, ndi Chichewa chomaliza pamodzi ndi chifukwa chimene munachisankhira. Makomiti oona za ufulu wa anthu ochita nawo kafukufuku amafuna kuona mafunso ndi kalata yachilolezo m'chinenero chimene anthuwo adzafunsidwire, ndipo tebulo limeneli lidzakuthandizani kuyankha akafunsa chifukwa chimene funso lina likusiyana ndi Chingerezi chake.

Pophunzitsa ofunsa mafunso, aphunzitseni ndi Chichewa chomalizacho, ndipo awerenge mokweza mobwerezabwereza mpaka lilime lizolowere. Ngati mafunso ali pa tabuleti, onetsetsani kuti chimene chikuoneka poyamba ndi Chichewa, ndiponso kuti mayankho a Chichewa aikidwa pa manambala omwewo amene ali pa Chingerezi. Wofunsa amene akuwerenga Chingerezi pa tabuleti n'kumamasulira yekha pakhomo lililonse amabweretsanso "malungo" ndi "banja lanu" pamalo pomwe munawachotsa, ndipo woyang'anira amadziwa zimenezi pokhapokha atakhala nawo pa mafunso angapo m'masiku oyambirira n'kumatsatira ndi chala mzere uliwonse pamene wofunsayo akulankhula.