Mukamachonga G major yolembedwa pamanja, yambani ndi kuwerenga zigundo

Anzanga amene mukuphunzitsa ana nyimbo kuno ku Joni, kaya ku tchalitchi ku Rosettenville kapena kunyumba, musayambe ndi kuyang'ana noti iliyonse. Yambani ndi nthawi. Ngati yalembedwa 3/4, bala iliyonse ikwane zigundo zitatu. Tengani pensulo mulembe 1, 2, 3 pansi pa manoti. Minimu ndi zigundo ziwiri, kurocheti chimodzi, kweva theka. Mwana akaika minimu ya kadontho ndi kurocheti m'bala imodzi, zakwana zinayi, chifukwa kadontho kamawonjezera theka la notiyo. Apo ndiye palakwika, ngakhale manotiwo aoneke okongola.

Kenako shapu. Mu G major muli shapu imodzi yokha, ya F, ndipo pa kilefu ya trebo imakhala pamzere wapamwamba kwambiri, wachisanu. Ana ambiri amaiika pampata woyamba pansi. Pamenepo palinso F, inde, koma si malo ake ovomerezeka, ndiye ine ndimachotsa malikisi pang'ono chabe, osati onse. Akaiwala shapuyo, musadule F aliyense ngati cholakwa chatsopano. Cholakwa ndi chimodzi.

Za malo a noti, yang'anani pakati pa mutu wake. Mzere uyenera kudutsa pakatikati, kapena mutu udzaze mpata osagwera pamzere. Mutu wolendewera pakati pa B ndi C ndimauzungulira, mwana aulembenso. Sindimamuganizira zimene ankafuna kulemba.