Musanatumize ndalama ya nyumba ya lendi

Mukaona nyumba ya lendi pa Dedza boma ikutsatsidwa pa WhatsApp, musathamangire kufunsa mtengo. Lembani kuti: "Bambo, ndili pomwe pano pa depoti, ndingabwere kudzaiona masana ano?" Mwini nyumba weniweni amakulongosolerani njira, kapena amatuma mwana kudzakutengani. Wakuba amati ali ku Lilongwe, makiyi ali ndi mlonda, ndiye mutumize kaye ya dipoziti pa Airtel Money kapena Mpamba chifukwa ena akuifunanso. Pamenepo imani.

Mufunseninso ngati mita ya ESCOM ndi yanuyanu, ndiponso ngati madzi ndi apampopi kapena apamjigo. Amene anangotola zithunzi amayankha mozemba. Ine ndimati musapereke ngakhale ya "kuonera" musanalowe m'nyumbamo ndi kufunsa oyandikana nawo kuti mwini wake ndani.