Alembi a makalabu ndi makomiti, bwezerani aneni m'ziganizo zanu

Malangizowa ndikulembera inu amene mumalemba malipoti a kalabu ya alimi, zokambirana za komiti ya sukulu, zolengeza za kumpingo ndi makalata opita kwa amfumu. Ambiri mwa inu mumayankhula momveka bwino zedi pamsonkhano, koma mukangogwira cholembera, ziganizo zanu zimadzaza ndi mawu ngati kukhazikitsidwa kwa, kaperekedwe ka, kuchitika kwa. Mawu amenewa anali aneni, ndiye mwawasandutsa mayina. Chizolowezichi chafala kwambiri kudzera m'zikalata za m'maofesi zomasuliridwa kuchoka m'Chingerezi, moti ena tsopano amaganiza kuti ndicho Chichewa cha ulemu. Chimavutitsa wowerenga, makamaka amene akungomvetsera wina akuwerenga pagulu ndipo sangabwerere m'mbuyo kuti aonenso.

Yambani ndi kuona zimene mneni wa Chichewa amanyamula. Tengani liwu loti tinawagawira. Ti akunena wochita, na akunena kuti ntchitoyo inachitika kale, wa akuloza olandira, ndipo ir akusonyeza kuti tinachitira iwowo. Liwu limodzi layankha mafunso akuti ndani, liti ndi kwa yani. Mukalisandutsa dzina n'kulemba kuti kagawidwe, mayankho onsewo atayika. Kuti muwabwezeretse mumayamba kulumikiza mawu ena ndi ka, kwa, ya, za, kenako chifukwa chiganizo chilibenso mneni, mumabwereka mneni wopanda kanthu monga kunachitika, kulipo kapena tinapanga. Ndi momwe "tinawagawira mbewu" amatupira kufika pa "kagawidwe ka mbewu kwa alimi kanachitika".

Nachi chiganizo cha mtundu umene umapezeka kawirikawiri m'mabuku a makalabu:

"Kutsatira kuchedwa kwa kaperekedwe ka ndalama za umembala kwa mbali ya mamembala ena, kukhazikitsidwa kwa ndondomeko ya kagulidwe ka mbewu sikunachitike, ndipo pali kufunika kwa kuchitika kwa msonkhano wa kukambirana za kathetsedwe ka vutoli."

Muli mawu 34, ndipo mneni woyamba wonena nthawi, sikunachitike, ndi liwu la 21. Womvera asunge m'mutu mawu 20 asanadziwe ngati chinthucho chachitika kapena ayi.

Choyamba, tengani pensulo n'kulemba mzere kunsi kwa liwu lililonse loyamba ndi ku limene likutsatiridwa ndi kwa, ndi lililonse loyamba ndi ka n'kuthera pa dwe. M'chiganizo chathuchi mupeza kuchedwa, kaperekedwe, kukhazikitsidwa, kagulidwe, kufunika, kuchitika ndi kathetsedwe. Si liwu lililonse la ku limene lili ndi vuto. Mu "achedwa kupereka", kupereka akugwirabe ntchito ya mneni. Chizindikiro cha vuto ndi kwa wobwera pambuyo pake.

Kenako pa liwu lililonse limene mwalemba mzere, funsani kuti akuchita ndani. Apa ndi pamene pali ntchito yeniyeni, ndiye musathamange. Wachedwa ndani? Mamembala ena, ndipo mlembi anawabisa kumapeto, kuseri kwa mawu oti "kwa mbali ya". Abweretseni kutsogolo, mneni awatsatire pomwepo: mamembala ena achedwa kupereka ndalama za umembala. Nanga amene sanakhazikitse ndondomeko ndani? Chiganizo choyambacho sichikunena n'komwe. Ndi komiti yonse, wapampando, kapena msungichuma? Mlembi ayenera kudziwa. Ngati simukudziwa, pitani mukafunse, musaganizire, chifukwa lipoti likatchula munthu wolakwika limayambitsa mkangano. Tiyerekeze kuti mwapeza kuti ndi komiti. Mulemba kuti komiti sinakonze momwe igulire mbewu. Gawo lotsiriza ndi losavuta: ofunika kukumana ndi ife tonse.

Mukatero chotsani aneni obwereka aja. Sikunachitike sakufunikanso chifukwa sinakonze wanyamula kale kukanako, ndipo "pali kufunika kwa" alowedwa m'malo ndi tiyenera. Chiganizo chikatalika, chiduleni pomwe wochita akusintha. Zotsatira zake ndi izi:

"Mamembala ena achedwa kupereka ndalama za umembala, choncho komiti sinakonze momwe igulire mbewu. Tiyenera kukumana kuti tikambirane chochita."

Mawu atsala 18, ndipo mneni wafika pa liwu lachitatu. Komanso taonani chimene chachitika kumapetoko. Mukangomva kuti tiyenera kukumana, pakamwa pamabwera funso loti liti, kuti. Mawu oti "kuchitika kwa msonkhano" sanadzutse funso limeneli, n'chifukwa chake mlembi sanaone kuti wasiya tsiku ndi malo. Ine ndimaona kuti phindu limeneli limaposa la kuchepa kwa mawu, poti chilengezo chopanda tsiku sichisonkhanitsa anthu.

Pali msampha umodzi umene muyenera kuupewa pokonza. N'kosavuta kufupikitsa gawo lachiwiri lija n'kulemba kuti komiti sinagule mbewu. Zikumveka bwino, koma tanthauzo lasintha. Choyambirira chinanena kuti dongosolo logulira silinakonzedwe, osati kuti tsiku logula linafika n'kudutsa. Mukamaliza kukonza, ikani ziganizo ziwirizo pafupi n'kudzifunsa ngati chatsopanocho chanena chinthu chimene chakale sichinanene. Onaninso nthawi ya mneni imene mwasankha: achedwa akutanthauza kuti nkhaniyi ikadalipo, pamene anachedwa akuisiya m'mbuyo.

Musamvenso ngati ndikuti mayina onse ochokera kwa aneni achoke. Msonkhano, maphunziro, ulimi, chisankho ndi chitukuko ndi mayina okhazikika, asiyeni. Mawu a ka ndi dwe nawonso ali ndi ntchito yawoyawo, yonena njira imene chinthu chimachitikira. Mlangizi akati lero tiphunzira kasungidwe ka chimanga, walankhula bwino, chifukwa phunzirolo ndi la njira zosungira: kuumitsa, kupeta, kuthira mankhwala, kusanja matumba pathandala. Anthu akadandaula za kagawidwe ka feteleza, ndiye kuti sakukondwa ndi momwe anagawira. Pamalakwika pamene liwu la njira laikidwa pofuna kunena chochitika chabe, monga "kasungidwe ka chimanga kanatha Loweruka". Njira siitha Loweruka. Lembani kuti tinamaliza kusunga chimanga Loweruka. Yesani motere: ikani momwe m'malo mwa liwulo. Ngati "momwe timasungira chimanga" akukwanira pamenepo, dzinalo lili pamalo pake. Ngati sakukwanira, bwererani kwa mneni.

Nthawi zina wochita sadziwikadi, kapena si bwino kumutchula pagulu nkhani isanaweruzidwe. Ngakhale pamenepo simukufunika dzina lalitali. M'malo mwa "kunachitika kubedwa kwa matumba 3 a mbewu", lembani kuti matumba 3 a mbewu anabedwa. Simunatchule munthu, koma nthawi yaoneka ndipo chinthu chotayikacho chili kutsogolo.

Musanapereke chikalata, chiwerengeni mokweza kwa membala mmodzi amene sanali pamsonkhano, kenako mumupemphe akuuzeni wachita chiyani ndani, ndiponso iyeyo akuyenera kuchita chiyani. Akakayikira pena pake, pitani pa chiganizo chimenecho muwerenge ma kwa ndi ma ka. Akakhala atatu kapena kuposa motsatizana, yambirani pomwepo kufunsa kuti akuchita ndani.