Abwana akalamula mwachidule: momwe mungafunsire osaoneka ngati ntchito yakukulirani

Tiyerekeze kuti mumagwira ntchito pasitolo ya zipangizo zaulimi muno mu Chipata. Ndi Lolemba m'mawa, mwezi wa Novembala, mvula yayandikira. Abwana akukwera galimoto, ndipo akuti: "Mutumize feteleza kwa aja a ku Katete, msanga." Inu mwayankha kuti "Chabwino abwana," koma simukudziwa aja ndani, feteleza wake uti, matumba angati. Ambiri timangokhala chete poopa kuoneka mbuli, chonsecho akuluakulu anati safunsa anadya phula.

Choyamba, musathamangire galimoto ija ndi mafunso. Khalani pansi mulembe mawu awo monga momwe awanenera, kenako mulembe zimene zikusowa. Apa zilipo zinayi: gulu la alimi, mtundu wa feteleza, kuchuluka kwake, ndi tsiku limene "msanga" akutanthauza.

Mukatero, yankhani nokha zimene mungathe. Apa ndi pamene pagona nkhani yonse, chifukwa abwana amatopa ndi funso limene yankho lake lili kale m'buku la patebulo panu. Tsegulani buku la maoda. Mwina mupeza kuti ku Katete muli ndi magulu awiri: lina linatenga matumba 40 a D Kompaundi chaka chatha nthawi ngati ino, lina limagula Yureya mu Januwale. Mukudziwa kuti D Kompaundi amathira pobzala kapena chimanga chikangomera, pamene Yureya amadikira kuti chikuleko. Ndiye mu Novembala, gulu loyamba lija ndilo likuoneka kuti akunena. Pitaninso kosungira katundu mukawerenge matumba amene alipo. Matumba 40 a makilogalamu 50 ndi matani awiri, choncho mwadziwa kale kukula kwa galimoto yofunika.

Tsopano mwatsala ndi zimene abwana okha ndiwo angagamule. Pitani nazo tsiku lomwelo. Funso la Lolemba masana limaonetsa kuti mwayamba ntchito, koma funso lomwelo Lachinayi limaulula kuti masiku atatu apita pachabe. Pezani nthawi imene ali okha, osati pamaso pa makasitomala, ndipo muyambe ndi zimene mwachita kale:

"Pepani abwana, za feteleza wa ku Katete zija ndaziyamba. M'buku ndaona kuti gulu lija linatenga matumba 40 a D Kompaundi chaka chatha, ndipo panopa tili nawo 60. Nditumize 40 omwewo, kapena chaka chino awonjezera?"

Funso lotere limawapatsa zinthu ziwiri zoti asankhepo, ndipo atha kuyankha ndi mawu amodzi ali chiimire. Ngati munalakwitsa gulu, akukonzani pomwepo popanda vuto, chifukwa aona kuti munaganizapo. Mawu oti muwapewe ndi akuti "sindinamve" kapena "simunafotokoze bwino." Oyambawo amakuchepetsani, achiwiriwo amamveka ngati mukuwaimba mlandu, ndipo munthu wamkulu akamva choncho amayamba kudziteteza m'malo moyankha.

Za "msanga" musafunse kuti "liti?" Tchulani tsiku nokha: "Galimoto ipezeka Lachitatu m'mawa. Zikhala bwino, kapena ndifune ina ya mawa?" Pomwepo funsaninso za ndalama, chifukwa mikangano yambiri imabadwira pamenepa: alipira galimoto ndani, ndipo katundu achoke alimiwo atalipira kapena ndi wangongole? Zimenezi musaganizire nokha ngakhale pang'ono. Matumba akatsitsidwa ku Katete, kuwabweza n'kulipira galimoto kawiri, ndipo dzina limene lili pa risiti ndi lanu.

Nanga akayankha mothamanga kuti "Inu mungoona mmene mungachitire"? Musawakakamize. Nenani chimene muchite ndi nthawi yake: "Chabwino abwana, nditumiza 40 Lachitatu m'mawa. Ngati pali chosintha mundiuze mawa madzulo." Mwawasiyira mpata wokonza, ndipo ntchito siiima.

Chomaliza, mukachoka pamaso pawo, tumizani uthenga waufupi pa WhatsApp kapena pa meseji wamba: "Abwana, monga tagwirizana: matumba 40 a D Kompaundi, gulu la ku Katete, Lachitatu m'mawa, galimoto alipira alimiwo." Ena amaopa kuti uthenga wotere uoneka ngati kusakhulupirira abwana. Ine ndaona kuti abwana amene ali ndi zambiri m'mutu amaulandira bwino, chifukwa nawonso umawakumbutsa. Akayankha kuti "Ayi, ndi 50," mwapulumutsa ulendo wachiwiri wa pa msewu wa Great East. Akapanda kuyankha pofika Lachiwiri madzulo, aimbireni foni kamodzi musanauze anyamata kuti ayambe kupakira.