Kupanga deta yoyesera popanda kukopera mbiri za makasitomala

"Ndingapeze bwanji deta yoyesera yofanana ndi yeniyeni, osakopera mbiri za makasitomala athu?"

Choyamba, tengani kapangidwe ka matebulo kokha ndi lamulo la `pg_dump --schema-only`, ngati mukugwiritsa ntchito PostgreSQL. Kenako funsani woyang'anira detabesi akupatseni ziwerengero zokha, monga kuchuluka kwa maoda pa kasitomala aliyense, chifukwa n'zimene zimaonetsa pamene pulogalamu ingachedwe.

Mukatero, pangani anthu ongopeka ndi Faker, chida cha Python chopangira deta yongopeka, mutaika `Faker.seed(42)` kuti deta izituluka yofanana nthawi zonse, bola musasinthe vesheni ya Faker. Yambani ndi makasitomala, maoda pambuyo, kuti oda iliyonse ikhale ndi mwini wake. Maimelo onse athere ndi `@example.com`, dzina losungidwira zitsanzo zokha, kuopa kuti uthenga woyesera ungafike kwa munthu weniweni.

Onjezerani pamanja zovuta zimene Faker mwina sangakupatseni, makamaka mayina ngati Ng'oma, amene kachizindikiro kake kamasokoneza SQL yolembedwa mosasamala.