Aphunzitsi a Sande sukulu, lekani kusenzetsa ana ndakatulo za akulu

Mwezi uno ndayenda m'mipingo itatu, wina cha ku Thondwe, wina ku Chinamwali, wachitatu kumbali ya Songani, kuonerera mapulogalamu a ana, ndipo konseko ndapeza vuto lomwelomwelo. Mwana wa zaka 6 akumuimika kutsogolo ndi pemphero la ndakatulo la mizere 24, lodzaza mawu ngati chiombolo, chiyeretso, Wamphamvuzonse, mawu oti ngakhale ena a ife tikafunsidwa tanthauzo timayamba takhosomola kaye.

Kamtsikana kena kanayamba bwinobwino, mawu okweza, manja kumbuyo. Pamzere wachisanu kanaima. Kanabwerera poyambira, kanafikanso pomwepo n'kuimanso, ndiye aphunzitsi ali pambali akunong'oneza, anyamata a kumbuyo akuseka, mapeto ake kanangolira maikolofoni ili m'manja. Mayi ake anali atagula diresi yatsopano ku msika wa Zomba chifukwa cha tsikuli. Ndamva kuti masabata awiri otsatira mwanayo anakana kupita ku Sande sukulu, akuti m'mimba mukupweteka, koma tonse tikudziwa chomwe chikupweteka.

Inu mumati mwana ndi wamanyazi. Ayi, simanyazi. Mwana wosadziwa kuwerenga amaloweza ndi khutu, ndipo mawu amene sakuwamva tanthauzo amangowagwira ngati phokoso, limodzi likathawa alibe poti n'kugwira kuti apeze lotsatira. Mungamuyese mosavuta: muimitseni pakati mumufunse kuti apa ukupempha chani kwa Mulungu? Akangokuyang'anani, dziwani kuti tsiku la pulogalamu adzaima pomwepo. Chizindikiro china, akalakwitsa amabwerera koyambirira penipeni m'malo mopitiriza pamene analekera.

Chimene chimanditopetsa n'choti ndikanena izi yankho limakhala lakuti ifenso tinkalakatula zazitali nthawi yathu. Munkalakatula inde, muli sitandade 5, osati muli ku mkaka. Enanso mukungokopera zimene zabwera pa WhatsApp, zina zomasuliridwa kuchokera ku Chingerezi mopotoka, Lachisanu madzulo n'kumupatsa mwana kapepala kuti Lamulungu alakatule. Chikhalirecho Ambuye Yesu pa Mateyu 6:7 anachenjeza za kuchulutsa mawu popemphera, ndipo pemphero limene anaphunzitsa likungoyambira vesi 9 kulekeza 13. Salimo 117 lili ndi mavesi awiri okha. Nanga ife mizere 24 taitenga kuti?

Ndikudandaula chonchi panja pa tchalitchi, bambo wina wolima cha ku Jali anandidula pakamwa. Akuti iye kale ankaponya njere zitatu kapena zinayi za chimanga paphando poganiza kuti zikachuluka ndiye kukolola, alangizi atabwera ndi Sasakawa yoti phando limodzi njere imodzi anawaseka, mpaka anaona yekha kuti mapesi ake akungolimbirana chakudya, zisononkho zake tizing'onoting'ono. Ndiye akuti mdzukulu wake atabwera ndi ndakatulo ya tsamba lonse iye anangotenga pensulo n'kufufuta, mzere uliwonse kusiyamo chinthu chimodzi basi. Kenaka anayamba kundifotokozera za mtengo wa feteleza, zimenezo tizisiye.

Bamboyo sanaphunzire za uphunzitsi koma anachita zoyenera. Onani pemphero ili, la mwana wa zaka 5 mpaka 7:

Atate athu, zikomo,
Mwatidzutsanso ndi moyo,
Mwatipatsa phala lero,
Ndi mvula kumunda kwathu.
Sungani mayi ndi bambo,
Chizani agogo mwendo,
Tikachimwa, tibwezeni,
Mwa Yesu Khristu, Ameni.

Werengani ndi zala, mzere uliwonse uli ndi maphatikizo 8, a-ta-te-a-thu-zi-ko-mo, ndiye mwana amaumaliza ndi mpweya umodzi ndipo kugunda kwake kumamukoka yekha kupita kutsogolo. Zonse zili m'menemo amaziona ndi maso, phala, mvula, mwendo wa agogo. Mizere inayi yoyamba ndi kuthokoza, yotsatirayo ndi kupempha, akasokonezeka mumangoti tsopano pempha, wakumbuka. Ngati agogo ake sadwala mwendo musamunamizitse pamaso pa Mulungu, sinthani mzerewo, mufunseni mwini wake amene akufuna kumupempherera. Ndipo ngati mayi kapena bambo anamwalira, mzere wachisanuwo musaumusiyire, ikani amene akumulera.

Zotsalazo mukuzidziwa. Yambani kudakali masabata atatu, mizere iwiri pa ulendo, inu kunena iye kubwereza, ndipo wina wa kunyumba azilidziwanso pempherolo kuti azimukumbutsa pogona. Loweruka lomaliza akayesere m'tchalitchi momwemo ataimirira pamalo pake, maikolofoni aigwireko ngati ilipo, chifukwa ena amadzidzimuka kumva mawu awo pa sipika. Mphunzitsi akhale pa benchi yakutsogolo pomwe mwana akumuona, osati kumbuyo kwake. Ndakatulo yanu yaitali ija apatseni a zaka 11 kapena 12, kapena igaweni kwa ana anayi aliyense ndime yake.