Momwe mungawerengere maimelo otumizirana kuti mudziwe amene anadziwa nkhani ndi nthawi yake

Zinthu zikalakwika ku ofesi, wina amasindikiza imelo yaitali yodzaza ndi Re: ndi Fwd: n'kunena kuti aliyense anauzidwa. Kawirikawiri si zoona. Imelo yaitaliyo ndi makalata angapo osanjikizana, ndipo kalata iliyonse ili ndi oilandira akeake. Ntchito yanu ndi kuwalekanitsa.

Tiyerekeze nkhani ya m'mwezi wa Januwale. Bungwe likumanga sukulu ndipo laphonya mtengo wotsika wa simenti chifukwa ndalama zinalipiridwa mochedwa. Okhudzidwa ndi asanu: wogulitsa simenti, wogula katundu wa bungwe, mkulu wa ntchitoyo, wazachuma, ndi wothandiza ndi ndalama amene ali ku Britain.

1. Yambirani pansi, ndipo tsegulani zobisika

Kalata yakale kwambiri imakhala pansi, yatsopano pamwamba. Mu Gmail mawu a makalata akale amabisika kuseri kwa timadontho titatu kumapeto kwa uthenga, choncho dinani pamenepo. Chitani zimenezi pa kompyuta, chifukwa pa foni mayina a olandira amafupikitsidwa.

2. Kalata iliyonse ikhale ndi mzere wake

Tengani pepala, mulembe mzere umodzi pa kalata iliyonse: tsiku ndi nthawi, wotumiza, amene ali pa To, amene ali pa Cc, chatsopano chimene kalatayo yanena, ndi fayilo imene inapita nayo. Malire a makalata mudzawazindikira ndi mizere monga `---------- Forwarded message ---------` mu Gmail, kapena From, Sent, To, Cc, Subject mu Outlook.

Samalani ndi mzere woyamba ndi `On` n'kutha ndi `wrote:`. Umangotchula wolemba ndi nthawi, sutchula olandira. Pamenepo siyani mpata pa pepala lanu mpaka mutaona kalata yeniyeniyo. Musakoperepo mayina a kalata yapamwamba kapena yapansi.

M'nkhani yathu mizere yatuluka isanu. Lolemba pa 09:10 wogulitsa analembera wogula katundu, mkulu ali pa Cc, kuti mtengo ukhala womwewo mpaka Lachitatu pa 16:00, ndipo anaphatikiza invoisi. Pa 11:40 wogula katundu anayankha kupempha kuti awonjezere masiku. Lachiwiri pa 08:30 wogulitsa anakana, nanenanso kuti malire asintha, tsopano ndi Lachitatu pa 12:00. Lachitatu m'mawa wogula katundu anatumiza zonsezi kwa wazachuma, wa ku Britain ali pa Cc. Pa 14:05 wa ku Britain anazitumiza kwa mkulu.

3. Fufuzani pamene munthu anatulukira ndi pamene analowera

Apa ndi pagona nkhani. Yerekezani mayina a mzere uliwonse ndi a mzere wotsatira. Mkulu alipo pa kalata yoyamba, koma pa yachiwiri palibe, chifukwa wogula katundu anadina Reply m'malo mwa Reply all. Wogulitsa poyankha anayankha munthu mmodzi yemweyo. Ndiye kuti mkulu ankadziwa za 16:00 zokha. Za 12:00 zinamufika pa 14:05, malire atadutsa ndi maola awiri, ngakhale dzina lake likuoneka pansi penipeni pa imelo ngati kuti analipo kuyambira pachiyambi.

Wolowa mochedwa naye ali ndi lamulo lake. Wazachuma analandira mawu a Lolemba ndi Lachiwiri, inde, koma anawalandira Lachitatu. Tsiku limene munthu anadziwa nkhani ndi la kalata imene inamufikitsira nkhaniyo, osati la kalata yakale imene ili mkati mwake.

Onaninso mafayilo. Forward imanyamula mafayilo a kalata imene mwaitumizayo, pamene Reply imawasiya. Wogula katundu anadina Forward pa kalata yachitatu, imene inali yankho lopanda fayilo. Motero wazachuma anawerenga mawu akuti invoisi yaphatikizidwa, koma invoisiyo sinamufike, ndipo akaunti yolipirako inali mmenemo.

4. Ikani nthawi zonse pa wotchi imodzi

Pa pepala losindikizidwa, kalata yachinayi ikuonetsa 08:50, ndipo anthu akuti wazachuma anali ndi maola oposa atatu. Koma mzere umenewo unalembedwa ndi makina a munthu wa ku Britain pamene ankatumiza, ndipo makina amalemba nthawi ya mwini wake. Malawi ali patsogolo pa Britain ndi maola awiri mu Januwale, ndi ola limodzi kuyambira kumapeto kwa Malichi mpaka kumapeto kwa Okutobala. Choncho kalatayo inachoka pa 10:50 nthawi ya kuno. Wazachuma anali ndi ola limodzi ndi mphindi 10, wopanda invoisi.

5. Pamene pali mkangano, tsegulani kalata yeniyeni

Mawu okoperedwa m'munsi mwa imelo ndi mawu wamba. Wotumiza angathe kufufuta dzina, kusintha tsiku kapena kuchotsa kalata yonse, osasiya chizindikiro. Pemphani amene analandira kuti atsegule kalatayo m'bokosi lake. Mu Gmail adine timadontho titatu pafupi ndi Reply, kenako Show original. Mu Outlook ya pa kompyuta imene anthu akhala akugwiritsa ntchito, atsegule kalatayo payokha, adine File, kenako Properties, aone Internet headers. Mizere yofunika ndi iyi:

```
Date: Wed, 15 Jan 2025 10:50:12 +0200
Message-ID: <c4@example.org>
In-Reply-To: <c3@example.org>
```

`+0200` ndi nthawi ya Malawi, `+0000` ndi ya Britain mu Januwale. Message-ID ndi nambala ya kalatayo, ndipo In-Reply-To imatchula kalata imene yabala iyi. Mukapeza nambala yotchulidwa imene mulibe kalata yake, dziwani kuti pali kalata imene simunapatsidwe. Mzere wa Date umadalira wotchi ya wotumiza, imene ingathe kulakwika. Mizere ya Received imalembedwa ndi makompyuta amene kalata yadutsamo, ndipo wapamwamba kwambiri ndi umene umasonyeza nthawi imene inafika kwa wolandira.

6. Lembani zokhazo zimene makalata akutsimikiza

Dzina pa To kapena Cc likusonyeza kuti kalata inatumizidwa kwa munthuyo. Silikusonyeza kuti anaiwerenga. Yang'anani kalembedwe ka adiresi, chifukwa chilembo chimodzi cholakwika chingathe kubweza kalata, ndipo uthenga wa kubwererako umapita kwa wotumiza yekha. Umboni wolimba woti munthu anadziwa ndi yankho lake, kapena kuti iyeyo anatumiza kalatayo kwa wina. Yankho lodzitumiza lokha loti ali pa tchuthi si umboni.

Amene anaikidwa pa Bcc saoneka kwa olandira ena. Mungawaone m'bokosi la Sent la wotumiza, kapena akadziulula okha poyankha kalata imene dzina lawo palibe. Adiresi ya gulu nayo imabisa mayina, choncho funsani oyang'anira makompyuta kuti m'gululo munali ndani pa tsikulo, osati lero.

Polemba lipoti, gwiritsani mawu atatu osiyana: "anatumiziridwa", "anayankha" ndi "sanali pa kalatayi". M'nkhani ya simenti, wogula katundu anatumiziridwa malire atsopano Lachiwiri pa 08:30, wazachuma Lachitatu pa 10:50 wopanda invoisi, ndipo mkulu Lachitatu pa 14:05.